Musanalembe Malata pa Bolodi: Uthenga Wopita kwa Wopikulitsa

Kabuku aka talembera mabanja ndi magulu a banki m'khonde a m'boma la Ntcheu amene ali ndi kasitolo kapena shedi, ndipo akufuna kuyamba kugulitsa malata. Kuyambira mwezi wa Meyi mpaka Okutobala, anthu akagulitsa mbatatesi, nyemba, soya ndi chimanga, ndalama yambiri imapita kudenga. Ku Lizulu, pa Tsangano Turn-off, ku Kampepuza ngakhale ku Sharpevale ndi ku Kasinje, ndiyo nyengo imene mumaona malata atamangidwa panjinga ndi pangolo. Opikulitsa a m'tauni amaidziwa nyengoyi, n'chifukwa chake mauthenga awo a mitengo amachuluka m'mafoni.

Mauthengawo amakhala aafupi. Wopikulitsa amangolemba kuti malata a mafiti 10, geji 28, mtengo wakuti, n'kuikapo chithunzi cha malata onyezimira. Wogulitsa amakopera mawu omwewo pa bolodi la pakhomo pa sitolo, mwinanso n'kuwatumiza kwa makasitomala ake pa WhatsApp. Apa mpamene mlandu umasamukira. Mawu aja anali a wopikulitsa, koma mukawalemba pa bolodi lanu asanduka anu. Denga likayamba dzimbiri chaka chachiwiri, mwini nyumba sapita ku Limbe kapena ku Kanengo kukafunsa. Amabwera kwa inu, chifukwa ndinu amene munalandira ndalama yake, ndipo mumakumana naye kutchalitchi ndi pamaliro. Lamulo loteteza ogula la 2003 nalonso sililola kugulitsa katundu ndi mawu osocheretsa, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo otere.

Choncho mawu aliwonse amene mudzalembe pa bolodi akhale oti wopikulitsa anawalemba yekha, ndipo inu munawayesa ndi tepi ndi sikelo. Mawu amene akusowa, afunseni ndalama isanachoke m'manja.

Geji si muyeso wokwanira

Chinthu choyamba chimene chimasokoneza anthu ndi geji. Nambala ya geji ikamakwera, lata limapyapyala: geji 28 ndi yochindikala kuposa geji 30, ndipo geji 32 ndi yopyapyala kuposa zonsezi. Izi ambiri amazidziwa. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti geji si muyeso umodzi wogwirizana paliponse. Pali matebulo angapo a geji ochokera kumayiko osiyana, ndipo manambala ake safanana. M'matebulo odziwika kwambiri, geji 28 ndi pafupifupi mamilimita 0.38, geji 30 ndi pafupifupi 0.31, geji 32 ili pakati pa 0.25 ndi 0.27. Koma pamsika mawu akuti geji 28 amatha kuikidwa pa lata lopyapyala kuposa pamenepo, ndipo mukadandaula mumauzidwa kuti fakitale yathu imawerenga choncho.

Mankhwala ake n'kufunsa kuchindikala m'mamilimita. Munthu akalemba kuti 0.30, palibenso kuzemba, chifukwa milimita ya ku Blantyre ndi ya ku Ntcheu ndi imodzi. Funsaninso ngati nambalayo ndi ya chitsulo chokha kapena yaphatikiza zokutira ndi penti. Kusiyanaku kumaoneka kochepa, koma pa lata lopyapyala si kochepa. Zinki wokutira bwino mbali zonse ziwiri amatha kutenga mamilimita 0.04, kutanthauza kuti lata lolembedwa 0.30 lingakhale ndi chitsulo cha 0.26 chokha. Chitsulocho ndicho chimagwira msomali mphepo ya mvula yoyamba ikamakoka denga.

Mulifupi umene umafolera

Chachiwiri ndi mulifupi, ndipo mauthenga ambiri sautchula n'komwe. Lata lili ndi milifupi iwiri. Wina ndi wa lata lonse kuchokera m'mphepete kufika m'mphepete. Wina ndi umene umatsala pamene lata lagonera pa linzake padenga, ndipo umenewu ndiwo umafolera nyumba. Mmisiri akamawerengera malata amawerengera wachiwiriwu.

Malata a mizere yozungulira amene tinawazolowera amakhala ndi mizere yotalikirana pafupifupi mamilimita 76. Lata la mizere khumi ndi theka limafolera mamilimita 762, pamene la mizere isanu ndi itatu ndi theka limafolera mamilimita 610. Malata a IBR, aja a mizere yamakona, amafolera mamilimita 686. Fakitale ina imatha kupinda mosiyanako pang'ono, n'chifukwa chake timafunsa m'malo mongoganiza.

Tiyerekeze kuti kasitomala wanu akufolera nyumba imene denga lake ndi lotalika mamita 9, lotsetsereka mbali ziwiri, ndipo lata limodzi likukwana kuchokera pamsonga kufika m'munsi. Ndi malata ofolera 762, mamita 9 akufuna malata 12 mbali imodzi, onse pamodzi 24. Ndi malata ofolera 610, mbali imodzi ikufuna 15, onse pamodzi 30. Pali kusiyana kwa malata asanu ndi limodzi pa nyumba yomweyo. Lata lopapatiza likhoza kuoneka lotsika mtengo pa bolodi, koma denga lonse n'kudula kuposa la malata otakata. Ndipo ngati kasitomala anagula 24 potsatira mawu a mmisiri, adzatulukira kuti malata aperewera denga lili pakati, ndalama itatha, mitambo itayamba kuda. Munthu wotere sabwereranso pasitolo panu.

Mulitali nawo ufunseni m'mamita, ngakhale tonse timatchula mafiti. Mafiti 10 ndi mamita 3.05, ndipo mafiti 12 ndi mamita 3.66. Lata la mamita 3.0 ndendende limatha kugulitsidwa ngati la mafiti 10, koma laperewera masentimita 5. Ngati kalipentala anakhoma kale matabwa opingasa potsatira mafiti enieni, masentimita amenewo amachepetsa pogonerana malata kapena podontha madzi, ndipo mvula imamenya khoma.

Chakuta chitsulocho n'chiyani

Chitsulo chosakutidwa chimachita dzimbiri msanga. Chimene chimasunga lata zaka zambiri ndi chokutira chake, ndipo pali mitundu iwiri imene mudzakumane nayo. Wina ndi zinki yekha. Wina ndi wosakaniza aluminiyamu ndi zinki, momwe aluminiyamu amakhala magawo 55 pa 100 alionse. Pamapepala a fakitale, zinki amalembedwa ndi chilembo Z, wosakanizayo ndi zilembo AZ, kenako nambala. Z275 ikutanthauza magalamu 275 a zinki pa sikweya mita imodzi, kuphatikiza mbali zonse ziwiri. AZ150 ikutanthauza magalamu 150 a chosakaniza chija. Pa mtundu umodzi, nambala yaikulu ndiyo yokhalitsa: Z100 idzayamba dzimbiri Z275 ikadali bwino. Musayerekeze nambala ya Z ndi ya AZ ngati zofanana, chifukwa ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Apa maso sathandiza. Malata onse atsopano amanyezimira, ndipo penti wobiriwira kapena wofiira amabisa chilichonse chimene chili pansi pake. Kuchindikala mungakuyese nokha, monga tionere kutsogoloku, koma kuchuluka kwa zinki simungakuyese pakhomo. Ichi ndicho chifukwa chachikulu chofunira mapepala.

Funsoli lilinso ndi ntchito pa malangizo amene mudzapereke kwa ogula. Kumtunda, cha ku Tsangano, Lizulu ndi Mlangeni, nkhungu ndi mame zimachedwa kuuma padenga, ndipo chokutira chochepa chimatha msanga kuposa kuchigwa cha Bwanje kumene kumatentha. Komanso malata a AZ, ngakhale amakhalitsa pa nyumba yogona, sagwirizana ndi simenti yaiwisi ndiponso mpweya wa ndowe wa m'khola lotsekeka la nkhumba kapena nkhuku. Mlimi wofolera khola ayenera kuuzidwa zimenezi, ndipo simungamuuze ngati inuyo simudziwa chimene mwaunjika m'shedi.

Ziphaso zimene zili ndi ntchito

Mukafunsa chiphaso, opikulitsa ena amatumiza msanga chithunzi cha kalata yolembetsera bizinesi, kapena nambala yawo ya msonkho ya ku MRA, kapena laisensi ya ku khonsolo. Mapepala amenewa ndi abwino, chifukwa amasonyeza kuti mukuchita malonda ndi munthu wopezeka. Koma sanena kanthu za lata. Amanena za munthu.

Pepala lonena za lata limachokera ku bungwe la Malawi Bureau of Standards, limene timangoti MBS. Bungweli linakhazikitsidwa mu 1972, likulu lake lili ku Blantyre, ndipo lili ndi maofesi ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Limayendera mafakitale a m'dziko muno n'kupereka chilolezo choika chizindikiro chake pa katundu amene wakwanira muyezo, ndipo limayang'ananso katundu wolowa kuchokera kunja. Ngati malata apangidwa ku Malawi konkuno, pemphani chithunzi cha chiphaso cha MBS cha fakitaleyo. Ngati achokera kunja, pemphani pepala la MBS losonyeza kuti katunduyo anayang'anidwa polowa. Kuno ku Ntcheu funso limeneli si lamwambo chabe. Msewu wa M1 umayenda m'malire enieni ndi Mozambique kwa mtunda wautali, ndipo katundu wodutsa pa chipata cha Biriwiri ndi mapepala ake amatha kugona shedi limodzi ndi katundu wodutsira njira zachidule.

Chiphaso chikabwera, musangoona chidindo n'kukhutira. Werengani dzina la kampani, muone ngati ndi lomwelo ladindidwa pa malata. Werengani katundu amene watchulidwa, chifukwa fakitale ikhoza kukhala ndi chiphaso cha misomali kapena cha waya koma osati cha malata. Onani tsiku limene chiphasocho chidzathere mphamvu. Chithunzi chodulidwa m'munsi, pamene pamakhala masiku, kapena chosaoneka bwino pa dzina, chibwezeni mupemphe china. Mukakayika, tengani nambala ya chiphasocho mufunse ku ofesi ya MBS.

Pepala lina lothandiza ndi la ku fakitale imene inapanga chitsulo. Malata amadulidwa kuchokera ku mpukutu waukulu wa chitsulo, ndipo mpukutu uliwonse umabwera ndi nambala yake ndi pepala lonena kuchindikala ndi chokutira. Wopikulitsa wamng'ono mwina alibe pepalali m'manja, koma akhoza kulipempha kumene amaoda. Mafakitale ambiri amadindanso mzere wa timalemba kunsi kwa lata kapena m'mphepete, wosonyeza dzina, kuchindikala ndi chokutira. Pemphani chithunzi cha mzere umenewo.

Uthenga wake

Tiyerekeze kuti banja lina la ku Kampepuza lalandira mtengo wa malata a mafiti 10 olembedwa geji 28 basi. Mayi wa m'banjamo, amene amasunga buku la sitolo, akhoza kulemba motere:

"Zikomo bambo, mwaswera bwanji? Talandira mitengo ya malata imene munatumiza, ndipo tili ndi chidwi chopikula a mafiti 10 amene mwalemba geji 28. Tisanawalembe pa bolodi lathu ndi kutumiza ndalama, tikupempha mutithandize ndi zinthu zingapo zimene sizinalembedwe.

Choyamba, kuchindikala kwa lata m'mamilimita, ndiponso ngati nambalayo ndi ya chitsulo chokha kapena pamodzi ndi zokutira. Chachiwiri, mulitali m'mamita, mulifupi wa lata lonse, ndi mulifupi umene limafolera likagonera pa linzake. Chachitatu, kulemera kwa lata limodzi, ndi kuchuluka kwa malata mu bandulo imodzi. Chachinayi, chokutira chake, ngati ndi Z kapena AZ, ndi nambala yake. Chachisanu, dzina la fakitale, chithunzi chonse cha chiphaso cha MBS chooneka dzina, katundu ndi tsiku lothera, kapena pepala la MBS lolowetsera katunduyo ngati ndi wochokera kunja. Mutijambulirenso timalemba tadindidwa pa latalo.

Katundu akafika tidzamuyeza dalaivala wanu ali pomwepo. Chonde mutiuze ngati mudzabweza ndalama kapena kusintha katundu akapezeka kuti sakugwirizana ndi zimene mwalemba, ndiponso amene adzalipire thiransipoti yobwezera. Tikalandira mayankho pofika Lachisanu, oda yathu tidzaitsimikiza Loweruka. Zikomo kwambiri bambo."

Taonani kuti uthengawu ukutchula katundu mmodzi yekha. Mukafunsa za malata, misomali, simenti ndi mawaya mu uthenga umodzi, mudzayankhidwa funso losavuta lokha, enawo n'kulumphidwa. Taonaninso kuti sukunena munthu kuti ndi wakuba, ndipo sukupepesa chifukwa chofunsa. Akulu anati safunsa anadya phula, ndipo wopikulitsa wolongosoka mafunso awa sawaona ngati chipongwe, chifukwa makontilakitala amamufunsa zomwezi tsiku ndi tsiku. Tsiku loyankhira lilipo kuti nkhaniyo isazizire, ndipo mawu onena za kubweza katundu ayenera kumveka ndalama isanapite, osati lole itaima kale pakhomo.

Yankho likhale lolembedwa. Akakuimbirani foni n'kufotokoza pakamwa, thokozani, kenako lembani nokha zimene anena n'kuwatumizira kuti avomereze: "Bambo, monga tinakambirana, mwati lata ndi 0.30, likufolera 762, chokutira ndi AZ100. Kodi ndalemba bwino?" Akayankha kuti inde, jambulani uthengawo, ndipo manambalawo muwakoperenso m'buku la sitolo, poti foni imatayika. Pa lisiti napo palembedwe manambala omwewo, osati mawu akuti malata okha.

Mayankho ena amakuuzani zambiri posayankha. Mukafunsa mamilimita n'kuuzidwa kuti "ndi orijino amenewa mayi, aliyense akutenga omwewa," lembaninso kamodzi mwaulemu, kubwereza funso losayankhidwalo lokha. Mukauzidwa kuti chiphaso chili kwa abwana amene achokapo, nenani kuti mudikira abwanawo, ndipo oda idikiranso. Mukakakamizidwa kuti tumizani dipoziti lero chifukwa mtengo ukwera mawa, kumbukirani kuti kujambula pepala ndi kutumiza kumatenga mphindi zochepa kuposa kutumiza ndalama.

Katundu akafika

Kachipangizo koyezera kuchindikala kwa lata si kopezeka m'nyumba zambiri, koma sikelo yokoleka yogulira mbewu ilipo pafupifupi pamsika uliwonse, ndipo imagwira ntchitoyi bwino. Chitsulo chochindikala milimita imodzi chimalemera makilogalamu 7.85 pa sikweya mita. Ndiye mukadziwa kukula kwa lata, kulemera kwake kudzakuuzani kuchindikala.

Yambani mwayesa sikeloyo. Malita 20 a madzi amalemera makilogalamu 20, kuwonjezerapo kulemera kwa chigubu. Sikelo yochitira malonda iyeneranso kukhala yoyesedwa ndi a MBS potsatira lamulo la miyeso la 2016, ndipo yokhala ndi chizindikiro chawo dalaivala sangaitsutse.

Kenako yezani mulitali ndi tepi. Pa mulifupi, tengani chingwe chosatamuka, muchiyendetse mopingasa lata chikutsata mizere, kukwera ndi kutsika, kenako muchiwongole n'kuchiyeza. Umenewo ndiwo mulifupi wa chitsulo chisanapindidwe. Tinene kuti mwapeza mulitali wa mamita 3.05 ndi chingwe cha mamita 0.9. Kuchulukitsa ziwirizi kukupatsani masikweya mita pafupifupi 2.75. Ngati lata ndi la 0.30, chulukitsani 2.75 ndi 0.30 ndi 7.85, mupeza makilogalamu pafupifupi 6.5. La 0.25 lidzalemera pafupifupi 5.4, ndipo la 0.20 pafupifupi 4.3.

Lata limodzi ndi lopepuka moti sikelo yokoleka ikhoza kukunamizani, choncho mangani asanu pamodzi ndi chingwe, mutavala magolovesi kapena kugwirira ndi chiguduli chifukwa m'mphepete mumacheka. Asanu a 0.30 afike pa makilogalamu 32 kapena kuyandikira, a 0.25 pa 27, a 0.20 pa 21 ndi theka. Kusiyana kwa kilogalamu imodzi pa malata asanu si nkhani, popeza fakitale iliyonse imalakwitsa pang'ono ndipo chingwe chanu sichingayeze ndendende. Koma ngati munalonjezedwa 0.30 ndipo sikelo yaima pa 27, mwabweretseredwa 0.25, ndipo pa lata lililonse mwataya chitsulo choposa kilogalamu imodzi. Musatenge malata a pamwamba okha. Sololani ena pakati pa bandulo, ndipo ngati mabandulo ndi angapo yesani awiri kapena atatu. Werenganinso malata m'bandulo, ndi kuona ngati timalemba tadindidwa tikufanana ndi chithunzi chija.

Yang'anani pakati pa malata ngati pali ufa woyera kapena madontho akuda. Zimenezi zimachitika malata akanyowa ali ounjikana, madzi n'kutsekeredwa pakati, ndipo chokutira chimakhala chayamba kale kudyeka. Mukaziona potsitsa, jambulani ndi kulemba pa pepala la dalaivala musanasaine. Mukaziona patapita mwezi, wopikulitsa adzati munanyowetsa ndinu, ndipo mwina adzakhala akunena zoona. Sungani malata pouma, pamatabwa osati pansi, mbali imodzi itakwera pang'ono kuti madzi asaime, ndiponso kutali ndi matumba a feteleza, amene amadya chitsulo.

Katundu akalephera muyeso, muli ndi njira ziwiri. Mukhoza kumubweza potsatira zimene munagwirizana mu uthenga, kapena kumulandira pa mtengo wotsika wa muyeso umene wapezekawo. Lata la 0.25 nalo lili ndi ntchito yake: ena amafolera bafa, khitchini kapena mpanda. Cholakwika n'kuligulitsa ndi dzina la lochindikala. Mukalilandira, lembani pa bolodi zimene sikelo yaonetsa.

Zonse zikagwirizana, bolodi lanu likhoza kulembedwa chonchi: malata a mafiti 10, mamita 3.05, kuchindikala 0.30, amafolera masentimita 76, AZ100, dzina la fakitale, mtengo. Ngati wopikulitsa sanathe kusonyeza pepala la chokutira, pa bolodi pasalembedwe nambala ya chokutira, ndipo wogula akafunsa muuzeni kuti imeneyo simunapatsidwe. Oda yachiwiri ikamabwera, tumizaninso uthenga wachidule wofunsa ngati fakitale ndi mpukutu ndi zomwe zija, ndipo sikelo ikolekeninso, chifukwa wopikulitsa yemweyo amatha kusintha kumene amaoda pakati pa nyengo.